Tikiti ya pulinta ya ku Songani: kulemba zoti mnzako apitirize ntchito osaimbiranso kasitomala

Lipoti ili ndi la foni imodzi yomwe inalowa pa desiki yathu Lachisanu masana kumapeto kwa mwezi, ndi tikiti yomwe inatuluka pa foniyo, kutanthauza zomwe timalemba mu sisitimu yathu za vuto la kasitomala. Timagwira ntchito mu tauni muno mu Zomba, timathandiza maofesi ang'onoang'ono pa nkhani za makompyuta ndi netiweki, ena ali konkuno ku Matawale ndi ku Chinamwali, ena ali kutali ndithu mumsewu wa ku Liwonde uko. Ndasankha nkhani imeneyi chifukwa vuto lake silinali lalikulu ayi, aliyense amene wagwirako mapulinta amalidziwa, koma inali ntchito yoti ndinaisiya pakati ndipo mnzanga wa shifiti ya Loweruka ndi amene anakaimaliza, kasitomala asakupezeka pa foni. Ndiye chilichonse chomwe iye amafunika kudziwa chimayenera kukhala mu tikitimo basi.

Ofesi yake ndi ya kabungwe kena ku Songani, sinditchula dzina. Ali ndi makompyuta anayi a pa tebulo, malaputopu awiri a anthu oyenda m'midzi, rauta imodzi yaing'ono ndi pulinta imodzi yolumikizidwa ku rautayo ndi kebo. Amene anaimba ndi mayi a ku akaunti, nthawi ili 15:40, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Achimwene, pulinta yafa, ndipo mapepala a malipiro akufunika abwana asaine Lolemba m'mawa."

Mawu amenewa ndimawalemba momwe anenedwera, koma sindimawaika ngati mutu wa tikiti, chifukwa "yafa" ndi maganizo a munthu osati chomwe waona. Ndinawafunsa kuti amayi, mukuona chiyani kwenikweni, pa pulinta ndi pa kompyuta. Anati pulinta ikuyaka bwinobwino, kasikirini kake kakunena kuti `Ready`, fotokope ikutheka, koma pa kompyuta yawo pansi pa dzina la pulinta palembedwa `Offline` ndipo chilichonse chomwe atumiza chikungokhala pa mzere. Nditafunsa kuti inasindikiza komaliza liti, anati Lachinayi madzulo asanaweruke. Chasintha n'chiyani pakatipa? Poyamba anati palibe, kenako atakumbukira anati magetsi anazima usiku kutagwa mvula ija, anayaka m'mawa cha m'ma 9 koloko anthu ali kale mu ofesi, ndipo pulinta anaiyatsa mochedwa chifukwa amaizimitsa pa khoma akamaweruka. Anawonjezeranso kuti mnzawo wina woyendetsa mapulogalamu a bungwelo anayesa kugwiragwira pa kompyuta yake m'mawa koma iwo sakudziwa kuti anadina chiyani. Kamfundo komalizaka anakanena mongodutsa, ine ndinakalemba pompo, ndipo kanadzathandiza mawa lake.

Anandipatsa nambala ya AnyDesk, pulogalamu yolowera pa kompyuta ya munthu uli kutali, ndipo ndinalowa pa kompyuta yawo iwo akuona. `ipconfig` inaonetsa kuti kompyuta ili pa 192.168.1.101, rauta ili pa 192.168.1.1, intaneti ikuyenda. Mu `Printer properties`, pa tsamba la `Ports`, pulinta inali yolozedwa ku 192.168.1.104. Ndinaipinga:

```
ping 192.168.1.104
Reply from 192.168.1.104: bytes=32 time=87ms TTL=64
Reply from 192.168.1.104: bytes=32 time=212ms TTL=64
```

Apa ndi pomwe matikiti ambiri amanamiza wowerenga popanda wolemba kufuna kunama. Munthu amaona `Reply` ndiye amalemba kuti "pulinta ikuyankha pa netiweki, vuto lili pa dalaiva", ndipo mnzake amatha ola lathunthu akuchotsa ndi kubwezeretsa madalaiva. Koma chomwe ndinaona ine si pulinta ikuyankha, ndinaona adiresi ikuyankha, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chinthu cholumikizidwa ndi kebo mu ofesi imodzimodzi chimayankha pa 1ms kapena kuchepera, manambala odumphadumpha ngati 87 kenako 212 nthawi zambiri amakhala a foni yomwe ili pa Wi-Fi ikusunga batire. Ndiye ndinawapempha mayi aja kuti apite pa pulinta asindikize pepala la netiweki kuchokera pa mabatani ake, andijambulire pa WhatsApp. Pepalalo linaonetsa kuti pulinta ili pa 192.168.1.109, adiresi yopatsidwa ndi DHCP, njira yomwe rauta imagawira maadiresi yokha, ndipo MAC yake, nambala yodziwira chipangizo pa netiweki, ikuthera 4C:1B. Pa kompyuta, `arp -a 192.168.1.104` inaonetsa MAC ina yosiyana kotheratu, yoyamba ndi `7a`. MAC yomwe chilembo chake chachiwiri ndi 2, 6, A kapena E imakhala yodzipangira chipangizocho, ndipo mafoni a masiku ano, kuyambira Android 10 ndi iOS 14, amachita zimenezi pa Wi-Fi mwa okha. Kuti nditsimikize ndinayesa khomo lomwe mapulinta amalandirira ntchito, 9100, mu PowerShell:

```
Test-NetConnection 192.168.1.104 -Port 9100
TcpTestSucceeded : False
Test-NetConnection 192.168.1.109 -Port 9100
TcpTestSucceeded : True
```

Nkhani inaoneka poyera. Magetsi atabwera, mafoni a anthu analumikiza msanga rauta itangodzuka, imodzi inatenga .104, pulinta poyatsidwa mochedwa inapatsidwa .109, pomwe makompyuta onse akutumizabe ntchito ku .104.

Zoti zikonzedwe zinali ziwiri, zamsanga ndi zokhalitsa. Zamsanga ndinachita pa kompyuta ya mayiwo yokha. Ndisanasinthe chilichonse ndinadina `Pause Printing`, chifukwa pa mzere panali ntchito 14, zambiri zinali mapepala a malipiro omwe anatumiza mobwerezabwereza poganiza kuti mwina ulendo uno ituluka, ndipo ukangoloza pulinta ku adiresi yolondola zonsezo zimatuluka nthawi imodzi pa thireyi yomwe aliyense amadutsapo. Anasankha okha zoti zichotsedwe, ndinawonjezera `Standard TCP/IP Port` yatsopano ya 192.168.1.109, yakale ija sindinaifafanize, ndipo mapepala awo anatuluka iwo ataima pa pulinta pomwepo. Zokhalitsa ndi kuuza rauta kuti adiresi imodzi ikhale ya pulinta mpaka kalekale, koma izi zimafuna kuzimitsa rauta ndi kuyatsanso, ndipo nthawi imeneyo anali mkati motumiza malipiro a anthu ku banki pa intaneti, ndiye kudula netiweki sikukanatheka. Komanso kukhudza rauta kumafuna chilolezo cha abwana awo, omwe anali ku msonkhano ku Blantyre. Makompyuta ena atatu anali otseka, eni ake atachoka. Ine shifiti imatha 17:00 ndipo Loweruka ndi Lolemba sindinali pa ntchito.

Gawo lomwe ndimaliona lofunika kwambiri pa foni ngati iyi ndi mphindi zisanu zomaliza, vuto la kasitomala litachepa kale ndipo iye akufuna kudula. Pamenepo ndimadzifunsa kuti mnzanga akafika pa geti mawa, adzafuna kufunsa chiyani chomwe kompyuta singamuyankhe. Adiresi, MAC, mtundu wa Windows, zonsezi atha kuzipeza yekha olo nditaiwala kulemba, zingomutayitsa nthawi. Koma pali zina zomwe zili m'mutu mwa kasitomala mokha: ndani atsegule ofesi, ndani walola kuti rauta ikhudzidwe, ntchito zomwe zili pa mizere ya makompyuta enawo zichotsedwe kapena zisungidwe, nthawi yeniyeni yomwe zinthu zikufunika, ndiponso ngati iye adzapezeke pa foni. Ndinawauza kuti, "Amayi, mundipirire pang'ono, ndikufuna mawa tisakuvutitseni." Anati mawa sapezeka n'komwe mpaka Lolemba 7:30, mlonda amakhalapo ndipo makiyi a ofesi amakhala ndi mthandizi wa mu ofesi amene amabwera Loweruka kuyambira 8 mpaka 11 koloko. Analembera abwana awo meseji, yankho linabwera 16:50 ndipo ananditumizira chithunzi chake: alola rauta kusinthidwa Loweruka, alola zonse za pa mizere kuchotsedwa, kupatula pa kompyuta ya abwanawo pomwe pali kalata imodzi yomwe sanaisunge kwina. Pomaliza ndinawawerengera zomwe ndalemba kuti amve ngati ndi zomwe tagwirizana, anakonza chimodzi, ine ndinamva kuti abwana asaina 10 koloko koma iwo anati 9.

Tikiti yake inali motere. Mu sisitimu timasakaniza Chingerezi ndi Chichewa, pano ndaiika mu Chichewa, ndachotsa mayina ndi manambala a foni.

Mutu: Pulinta ya pa netiweki ikuoneka `Offline` pa makompyuta a ofesi ya ku Songani, adiresi yake yasintha kuchoka pa .104 kupita pa .109 magetsi atazima. Kompyuta imodzi yakonzedwa mongoyembekezera, atatu atsala.

Pomwe zafika Lachisanu 17:00: Kompyuta ya akaunti ikusindikiza, mapepala a malipiro atuluka. Makompyuta a abwana, a mapulogalamu ndi a polandirira alendo sanakhudzidwe. Rauta sinakhudzidwe. Zonse zikhale zikugwira lisanafike Lolemba 9:00.

Zomwe kasitomala wanena: Inasindikiza komaliza Lachinayi madzulo. Magetsi anazima usiku, anayaka cha m'ma 9:00 Lachisanu, pulinta inayatsidwa mochedwa. Akuti makompyuta onse anayi akulephera, ine ndaona imodzi yokha. Akuti wa mapulogalamu anasintha zina pa kompyuta yake, sakudziwa kuti chiyani.

Zomwe ndaona ndekha: Pepala la netiweki la pulinta, chithunzi chili pa tikiti, 192.168.1.109, DHCP, MAC yothera 4C:1B. Adiresi ya .104 ikuyankha `ping` koma SI pulinta, MAC ndi ina yoyamba ndi `7a`, 9100 ndi yotseka. Pa .109, 9100 ndi yotsegula. Kompyuta ya akaunti ndi Windows 10 22H2.

Zomwe ndasintha: Pa kompyuta ya akaunti yokha, ndawonjezera poti ya 192.168.1.109 ndikulozako pulinta, poti ya .104 ikadalipo. Ndachotsa ntchito 13 pa mzere ndi chilolezo chawo. Mukabwezera pulinta pa .104, kompyuta iyi isiya kusindikiza mpaka muibwezerenso pa poti yakale.

Zomwe ndikuganiza koma sindinatsimikize: Rauta imaiwala maadiresi omwe inagawa magetsi akazima, ndipo .104 yatengedwa ndi foni ya munthu wa mu ofesi. Sindinalowe mu rauta.

Chotsatira, mwa dongosolo ili: Yambani mwachotsa ntchito pa mizere ya makompyuta a mapulogalamu ndi polandirira alendo, pulinta isanabwerere pa .104, mwina muli zachinsinsi. Pa ya abwana musachotse, dinani `Pause Printing`, kalata yawo adzaitulutsa okha. Kenako sungirani pulinta 192.168.1.104 mu rauta pogwiritsa ntchito MAC ya pa chithunzi, zimitsani ndi kuyatsa rauta kenako pulinta, sindikizani pepala la netiweki. Bwezerani kompyuta ya akaunti pa .104. Yesani `Print Test Page` pa kompyuta iliyonse kupatula ya abwana. Ndasankha .104 osati .109 chifukwa malaputopu awiri omwe ali kumudzi mpaka sabata yamawa ayenera kuti nawonso akuloza ku .104.

Kulowa ndi chilolezo: Mthandizi wa mu ofesi alipo Loweruka 8:00 mpaka 11:00, wauzidwa. Chilolezo cha abwana chili pa chithunzi chachiwiri. Mapasiwedi a rauta ndi akaunti yathu ya pa makompyuta ali mosungira mwathu pansi pa dzina la kasitomala. Oimba foni sapezeka mpaka Lolemba 7:30, musawaimbire. Ndawalonjeza meseji ya WhatsApp ntchito ikatha.

Ndi yomweyo, ikukwana pa sikirini imodzi ya laputopu ndipo pa foni umangotsitsa kawiri katatu. Foni yake inatenga kupitirira ola, ndiye zambiri zinatsala kunja, ndipo ndi dala.

Ndifotokoze chifukwa chomwe ndimalekanitsira zonena kasitomala, zoona ine ndi zoganiza ine, popeza anyamata atsopano amaona ngati ndi kuchulukitsa mitu chabe. Wowerenga tikiti amafuna kudziwa kuti ayike phazi pati osaterereka. Ndikalemba kuti "makompyuta onse anayi sakusindikiza" ngati ndaona ndekha, iye akakapeza imodzi ikusindikiza amayamba kukayikira tikiti yonse ndipo amabwereza chilichonse kuyambira pachiyambi, kapena amatenga foni kuimbira kasitomala kuti amve yekha. Koma ndikalemba kuti kasitomala akuti anayi, ine ndaona imodzi, akudziwa kuti atatuwo awaone ndi maso ake ndipo sadabwa ndi chilichonse. Chimodzimodzi zoganiza. Kuti marauta ang'onoang'ono ambiri amasunga mndandanda wa maadiresi mu memole yomwe imafufutika magetsi akapita ndi zodziwika, ndipo ndinali nacho chikhulupiriro ndithu, koma sindinalowe mu rauta imeneyo, ndiye kukanakhala kuti pali kanthu kena kakugawanso maadiresi mu ofesimo, mwachitsanzo munthu wabweretsa kachipangizo kake ka Wi-Fi n'kukalumikiza pa kebo, mnzanga amayenera kukhala ndi mpata woganiza zimenezo. Ndikanalemba ngati chotsimikizika ndikanamutsekera njira.

Koma pa mitu yonseyi, womwe sindilola kuti usowe ndi wa zomwe ndasintha. Taganizirani tikiti yomwe timaiona kawirikawiri, ya mizere itatu: pulinta sikugwira, ya akaunti yatheka, enawo akonzedwe. Palibe bodza m'menemo. Tekinishani wanzeru akafika, aona msanga kuti adiresi yasuntha, asungira pulinta .104 mu rauta monga aliyense angachitire, pulinta ikangobwerera ndipo makompyuta ayaka, ntchito zonse zomwe zinaunjikana Lachisanu zimakhuthuka pa thireyi pamaso pa mthandizi wa mu ofesi, kuphatikizapo kalata ya abwana. Kenako ayesa makompyuta atatu, onse akusindikiza, ya akaunti saigwira chifukwa tikiti yanena kuti yatheka, atseka tikiti n'kukwera minibasi kubwerera ku tauni. Lolemba 8:30 mayi aja akufuna kutulutsa pepala limodzi lomwe lakonzedwa, kompyuta yawo ikulozabe ku .109 komwe tsopano kulibe pulinta, ndipo kwa iwo zikuoneka ngati tabwera kudzaononga chomwe chimagwira. Onse awiri agwira ntchito yolondola, chasowa ndi chiganizo chimodzi chonena kuti ndinasuntha chakuti, chinali apa, tsopano chili apa. N'chifukwa chake ndimalembanso zotsatira zake, osangoti ndasintha poti koma kuti mukachita chakuti, ichi chisiya kugwira, chifukwa munthu wowerenga ali chiimire mu ofesi ya eni sakhala ndi nthawi yolumikiza mfundo zomwe ine ndinazilumikiza ndili phee pa desiki.

Nawo mzere wa "pomwe zafika" ndimauika pamwamba mwadala, ngakhale kuti m'nkhani umabwera komaliza. Ambiri amalemba tikiti ngati akusimba ulendo, kasitomala anaimba, ndinamufunsa, anati, kenako ndinayesa, ndiye wowerenga afike pansi penipeni kuti adziwe ngati pali choti achite. Zili ngati namwino wolandira wodi usiku, choyamba amafuna kumva kuti wodwala ali bwanji pano ndipo wamwa kale mankhwala ati, mbiri ya momwe anabwerera imadza pambuyo. Ndipo ndimalemba tsiku ndi ola, osati "lero" kapena "mawa", chifukwa tikiti yolembedwa Lachisanu ikawerengedwa Loweruka, "mawa" lake lasanduka Lamulungu.

Pa zomwe ndinasiya. Mayi aja anandiuza chifukwa chomwe sapezekera Loweruka, ndi nkhani ya kubanja kwawo, mu tikiti ndinangolemba kuti sapezeka. Mayina a mafayilo omwe anali pa mzere anali ndi mayina a antchito, sindinajambule sikirini imeneyo. Mapasiwedi salowa mu tikiti olo zitavuta bwanji, chifukwa tikiti imapita pa imelo, imatsegulidwa pa mafoni, imawerengedwa ndi aliyense wa pa desiki mpaka zaka zikubwerazi, ndiye ndimangolozera komwe ali. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, koma ngakhale lisanabwere, malipiro a munthu si chinthu choti chizipezeka mu sisitimu ya anthu okonza makompyuta. Ndinasiyanso zoti mayiwo anali okhumudwa poyamba, sizimuthandiza mnzanga kukonza kanthu ndipo munthu amene malipiro a anzake ali m'manja mwake kumapeto kwa mwezi ali ndi chifukwa chokwanira chodandaulira. Chomwe ndinasunga pa zimenezo ndi nthawi ya 9:00 ndi lonjezo la meseji, chifukwa lonjezo lomwe ndapereka m'dzina la desiki limamanga aliyense wotenga tikitiyo, ndipo akapanda kulidziwa ndiye kuti taliphwanya.

Panalinso zinthu ziwiri zomwe ndinaziona koma si za vuto ili. Rauta ilibe UPS, batire yothandiza magetsi akazima, ndipo kompyuta ya akaunti ikadali pa Windows 10 yomwe Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Zonsezi ndi zofunika, koma ndikaziponya mu tikiti ya pulinta zimabisa chotsatira, ndipo tikiti ikatsekedwa zimakwiririka nayo limodzi. Ndinatsegula tikiti ina ya zimenezo n'kungoika nambala yake pansi.

Loweruka mnzanga anawerenga tikiti ali pa siteji, anafika ku Songani itangokwana 8:30, ndipo zomwe anapeza ndikuzitenga mu zomwe iye analemba pansi pa zanga. Anayamba ndi mizere monga tinanenera. Pa kompyuta ya polandirira alendo ntchito zinachoka bwinobwino, pa ya mapulogalamu imodzi inakakamira pa `Deleting`, ndiye anatsegula `cmd` ngati adimini:

```
net stop spooler
del /Q %systemroot%\System32\spool\PRINTERS\*.*
net start spooler
```

Malamulo amenewa amafufuta chilichonse chodikira kusindikizidwa pa kompyutayo, cha pulinta iliyonse, ndiye akanawayendetsa pa ya abwana kalata ija ikanapita. Sanatero chifukwa tikiti inanena. Mu rauta anapeza mndandanda wa DHCP ukuonetsa .104 pa dzina la foni, MAC yoyamba ndi `7a`, ndipo palibe china chogawa maadiresi, ndiye analemba kuti zomwe ndimaganiza zija zatsimikizika mbali ya foni, koma zoti rauta imaiwala maadiresi anaziona pomwe anaizimitsa, mndandanda unabwera wopanda kanthu. Anasungira pulinta .104, atayatsa rauta pulinta inakhalabe pa .109 mpaka ataizimitsa ndi kuiyatsanso, zomwe si zachilendo ayi chifukwa chipangizo chimagwiritsitsa adiresi yake mpaka nthawi yopemphanso itakwana. Pepala latsopano linaonetsa .104, analijambula n'kuliika pa tikiti.

Kompyuta ya akaunti anaibwezera pa poti yakale n'kufufuta ya .109 kuti wina asadzasokonezeke nayo. Ya polandirira alendo inasindikiza. Ya mapulogalamu inakanabe, ikuonetsa `Offline` pomwe 9100 pa .104 ikutseguka bwinobwino kuchokera pa kompyuta yomweyo. Apa ndi pomwe kamzere kaja koti mwini wake anagwiragwira kanagwira ntchito, m'malo moyamba kukayikira rauta kapena kebo anapita molunjika pa zenera la mzere, pa `Printer`, n'kupeza `Use Printer Offline` ili yochongedwa. Anachotsa chizindikirocho ndipo pepala loyesera linatuluka. Ine sindikanadziwa kuti ndi chimenecho, ndipo sindinayerekeze kulosera mu tikiti, ndinangopereka zomwe ndinamva ndi kunena kuti ndamva kwa ndani.

Pa kompyuta ya abwana sanasindikize chilichonse, anangotsimikiza kuti poti ndi .104 ndipo `Test-NetConnection` ikupereka `True`, n'kusiya kapepala pa kiyibodi kofotokoza kuti adine `Pause Printing` kuti chizindikiro chichoke akafuna kalata yawo ituluke. Mu tikiti analemba mosabisa kuti kompyuta imeneyi sinayesedwe ndi pepala lenileni, ndipo malaputopu awiri aja sanaoneke, ndiye zoti akuloza ku .104 zikadali zongoganiza. Chifukwa cha mizere iwiri imeneyi tikiti sanaitseke, anaiika podikira kasitomala mpaka Lolemba masana.

Panali chinthu chimodzi chomwe tikiti yanga sinanene ndipo iye anachipeza yekha: rauta ili mu kabati yokhoma mu ofesi ya abwana, kiyi wake ali pa mpukutu wina. Mwamwayi mthandizi uja ankadziwa pomwe umakhala. Mnzanga sanangozisiya mu tikitimo, anakazilemba pa tsamba la kasitomala mu sisitimu, pomwe timasunga zinthu zosasintha monga komwe kuli rauta, mtundu wa pulinta, ndi tsopano adiresi yosungidwa ya .104 pamodzi ndi MAC yake. Kuyambira pamenepo pa mafunso a mphindi zomaliza tinawonjezera lakuti chipangizocho chili pati ndipo chimatsegulidwa ndi ndani, makamaka kwa makasitomala a kutali monga ku Malosa, ku Jali ndi ku Thondwe komwe kubwerera chifukwa cha kiyi ndi kutaya theka la tsiku ndi ndalama ya thiransipoti.

Anatumiza meseji kwa mayi aja 10:20, yachidule, yonena kuti makompyuta atatu ayesedwa ndipo akusindikiza, ya abwana ili ndi kapepala, malaputopu akabwera ayese ndipo akakanika atchule nambala ya tikiti. Lolemba 8:10 anayankha kuti kalata ya abwana yatuluka ndipo ya akaunti ili bwino. Laputopu imodzi itabwera Lachitatu inasindikiza popanda kuikhudza, inayo inapezeka kuti pulinta sinaikidwepo n'kale lomwe, ndiye wa pa desiki tsiku limenelo anaiika pa AnyDesk pogwiritsa ntchito adiresi ya pa tsamba la kasitomala, n'kutseka tikiti. Ya UPS ndi Windows ikadali yotsegula, ikudikira abwana awo aone kotesheni.